Kalembedwe ka mawu odzifotokoza pa intaneti kwa injiniya wongomaliza maphunziro

Mawu odzifotokoza ndi ndime zochepa zimene munthu amalemba pa tsamba lake la ntchito pa intaneti, zonena kuti iye ndi ndani pa ntchito, amatha kuchita chiyani, ndipo akufuna ntchito yamtundu wanji. Malo odziwika kwambiri olembapo mawu otere ndi LinkedIn, imene inayamba mu 2003 ndipo kampani ya Microsoft inaigula mu 2016. Pa LinkedIn gawoli limatchedwa About, ndipo limapezeka pansi pa chithunzi, dzina ndi mzere umodzi wotchedwa Headline. Gawo la About limalola zilembo 2,600, kuwerengera pamodzi ndi mipata ya pakati pa mawu, pamene Headline imalola zilembo 220. Zilembo 2,600 zimakwana mawu a Chingerezi pafupifupi 400, koma wongomaliza kumene maphunziro safunika kudzaza malo onsewo. Mawu 150 mpaka 250 amakwanira.

Gawoli ndi losiyana ndi sivi. Sivi imandandalika masukulu, zaka ndi malo ogwirako ntchito, ndipo pa LinkedIn zimenezi zili ndi magawo akeake, Education ndi Experience. Ndi losiyananso ndi kalata yofunsira ntchito, chifukwa kalata imapita kwa bwana mmodzi pa ntchito imodzi, pamene mawu odzifotokoza amakhala poyera usana ndi usiku, kudikira aliyense amene angadutsepo. Ntchito yake ndi kulumikiza zimene zamwazikana m'magawo enawo kuti mlendo amve m'kanthawi kochepa kuti munthuyu angamuike pati.

Vuto la injiniya wongotuluka kumene ku yunivesite ndi lodziwika. Wakhala zaka zisanu pa MUBAS ku Blantyre, kapena waphunzira ku MUST ku Thyolo, kapena wachita za ulimi wothirira ku Bunda, koma alibe zaka zogwira ntchito zoti aonetse. Chifukwa cha mantha a malo opanda kanthu, ambiri amadzazapo mawu odzitamandira: wolimbikira ntchito, wachangu, wokonda kuphunzira zatsopano, wodziwa kugwira ntchito ndi anzake. Mawu amenewa si abodza, koma aliyense wa m'kalasi mwake angathe kuwalemba, ndipo palibe njira yowatsimikizira. Chimene wophunzirayu amaiwala n'chakuti ali ndi katundu weniweni m'manja: pulojekiti ya chaka chomaliza, miyezi ya atachimenti, mapulogalamu a pakompyuta amene anagwiritsa ntchito, ndi zipangizo zimene ananyamula padzuwa. Mawu odzifotokoza abwino amamangidwa ndi zimenezi.

Asanayambe kulemba, ayenera kudziwa kuti owerenga ake ndi awiri. Woyamba ndi makina ofufuzira. Munthu wolemba anthu ntchito sawerenga masamba onse mmodzimmodzi. Amalemba mawu m'bokosi lofufuzira, ndipo makina amamubweretsera anthu amene masamba awo ali ndi mawuwo. Wofuna injiniya wa zamadzi angathe kulemba motere:

```
("civil engineer" OR "water engineer") AND EPANET AND Malawi
```

Apa akuuza makina kuti amupezere anthu amene pa tsamba lawo pali limodzi la mayina awiri a ntchitowo, komanso dzina la pulogalamu ya EPANET ndi dzina la Malawi. Wophunzira amene anagwiritsa ntchito EPANET chaka chonse, koma pa tsamba lake n'kungolemba kuti amadziwa mapulogalamu osiyanasiyana a uinjiniya, makina amamudumpha. Ichi ndi chifukwa chake mayina a mapulogalamu ndi a nthambi ya ntchito amalembedwa ndendende monga amalembedwera m'zotsatsa ntchito: AutoCAD, Civil 3D, PROKON ndi QGIS kwa a zomangamanga, ETAP kwa a zamagetsi, SolidWorks kwa a zamakina, MATLAB kwa ambiri a iwo. Njira yabwino yodziwira mawu oyenera ndi kutenga zotsatsa ntchito zisanu kapena zisanu ndi chimodzi za ntchito imene munthu akuifuna, n'kudula mzere pansi pa mawu amene akubwerezedwa. Pa mawu amenewo, asankhe okhawo amene akuwadziwadi. N'chifukwa chomwechi mawu odzifotokoza a injiniya amalembedwa m'Chingerezi, chilankhulo cha zotsatsa ntchito ndi cha mapulani. Amene akuyang'ana ntchito ku Tete kapena ku Nampula angachite bwino kukhalanso ndi tsamba la Chipwitikizi, popeza LinkedIn imalola munthu kukhala ndi tsamba lake m'zilankhulo zingapo.

Wowerenga wachiwiri ndi munthu, ndipo nthawi zambiri amakhala pa foni. Iyeyu saona gawo lonse la About nthawi imodzi. Amaona mizere itatu kapena inayi yoyamba, kenako mawu akuti see more, amene ayenera kudina kuti aone zotsalazo. Wotanganidwa sadina pokhapokha mizere yoyambayo itamupatsa chifukwa. Choncho mizere imeneyi si malo a moni, si malo a mawu anzeru a munthu wotchuka, ndiponso si malo ofotokoza kuti kuyambira ali mwana ankakonda kumasula mawailesi. Ndi malo onena zinthu zitatu: nthambi ya uinjiniya, mbali imene waikapo mtima mkati mwa nthambiyo, ndi umboni umodzi.

Chitsanzo chingathandize kuona mmene izi zimachitikira. Tinene kuti pali mtsikana amene wamaliza digiri ya uinjiniya wa zomangamanga. Pulojekiti yake ya chaka chomaliza inali yokonza dongosolo la madzi a m'mipopi oyenda okha kuchokera kuphiri kupita kumidzi, ndipo atachimenti anakachitira kwa kontilakitala amene ankamanga nyumba ya zipinda zophunziriramo. Poyamba analemba mawu amene m'Chichewa angamveke motere: "Ndine injiniya wachinyamata, wolimbikira ndi wokonda ntchito yanga. Ndimagwira bwino ntchito ndekha komanso pagulu. Ndili ndi luso la makompyuta ndipo ndikufuna mwayi uliwonse woti ndithandize pa chitukuko cha dziko." M'mawu onsewa mulibe dzina la nthambi yake, mulibe madzi, mulibe konkire, mulibe nambala. Atachotsapo dzina lake n'kuikapo la mnzake wa zamagetsi, palibe chimene chingasinthe. Uku ndiye kuyesa kosavuta kwa chiganizo chilichonse: ngati wina aliyense wa m'kalasi angathe kuchilemba osanama, chiganizocho chichotsedwe kapena chipatsidwe umboni.

Kukonza kumayambira pa pepala, osati pa foni. Mtsikanayu atenge lipoti la pulojekiti yake ndi buku la atachimenti limene ankalembamo zochita za tsiku ndi tsiku, n'kutulutsamo zinthu zonse zowerengeka. Mu lipotilo akupezamo kuti mapaipi onse anali otalika makilomita 6.2, kuti panali mipopi 14 ndi thanki ya malita 50,000. Akukumbukiranso chinthu chimene chinamuvutitsa masabata awiri. Atayesa dongosololi pa EPANET, pulogalamu yaulere yoyesera kayendedwe ka madzi m'mapaipi, anapeza kuti nthawi ya m'mawa, pamene amayi onse akutunga, mipopi itatu ya kumapeto inkatsala ndi mphamvu ya madzi ya mamita atatu okha, kutanthauza kuti madzi akanangodontha. Choyambitsa chinali paipi yopapatiza ya mamilimita 50 pa mtunda wa mamita 800, imene inkadya mphamvu yambiri ya madzi pokhulana ndi makoma ake. Ataisintha ndi ya mamilimita 63 pa mtunda womwewo, mphamvu ku mipopi ija inakwera kufika pa mamita 12.

Kankhani kameneka ndiye chuma chake chachikulu, ngakhale iye ankakaona ngati ntchito wamba ya m'kalasi. Kali ndi vuto, choyambitsa, chisankho ndi zotsatira, ndipo uinjiniya ndi zimenezo. Injiniya wamkulu wa zamadzi akakawerenga amadziwa nthawi yomweyo kuti mwanayu sanangojambula mizere pa kompyuta, koma anamvetsa chifukwa chimene madzi amafookera kumapeto kwa paipi yaitali. Amapezanso funso loti adzamufunse pa intavyu, ndipo ndi funso limene mtsikanayu angaliyankhe ali mtima m'malo, chifukwa anakhala nalo usiku ndi usana.

M'buku la atachimenti akupezamo zinthu zina. Kwa miyezi inayi ankayeza kufewa kwa konkire asanaithire, ankaumba timabokosi ta konkire ta mamilimita 150 timene timakaphwanyidwa ku labu pakatha masiku 7 ndi masiku 28 pofuna kuona kulimba kwake, ankagwira levulo poyeza maziko, ndiponso ankawerenga zitsulo asanathire konkire kuti aone ngati zikugwirizana ndi pulani. Izi ndi ntchito zazing'ono pa malo omangira, koma kontilakitala wofuna injiniya wamng'ono amafuna zomwezi. Amafuna kudziwa ngati munthuyu anavalapo gambutsi, kapena adzafunika kumuphunzitsa chilichonse kuyambira pachiyambi.

Akasonkhanitsa zonsezi, mawu ake atsopano, atawamasulira m'Chichewa, angakhale otere:

"Ndine injiniya wa zomangamanga wongomaliza maphunziro, ndipo ndaika mtima pa ntchito za madzi a kumidzi. Pa pulojekiti yanga ya chaka chomaliza ndinakonza pulani ya mapaipi a makilomita 6.2 opereka madzi ku mipopi 14, n'kuiyesa pa EPANET.

"Poyesapo ndinapeza kuti mipopi itatu ya kumapeto inkatsala ndi mphamvu ya mamita atatu nthawi ya m'mawa. Nditakulitsa paipi kuchoka pa mamilimita 50 kufika pa 63 pa mtunda wa mamita 800, mphamvu inafika pa mamita 12. Pulojekitiyi inali ya pa pepala ndi pa kompyuta, siinamangidwe.

"Pa atachimenti ya miyezi inayi kwa kontilakitala womanga sukulu, ndinkayeza kufewa kwa konkire, kuumba timabokosi toyesera kulimba kwake, kugwira levulo ndi kuwerenga zitsulo, moyang'aniridwa ndi injiniya wa pamalopo.

"Ndimagwiritsa ntchito EPANET, AutoCAD ndi QGIS, Civil 3D ndikuiphunzira. Ndikufuna ntchito ya injiniya woyamba kumene ku bungwe la zamadzi, kwa alangizi a zomangamanga kapena kwa kontilakitala, ndipo ndine wokonzeka kukakhala ku boma lililonse."

Ndime yoyamba yokha ndi imene ioneke asanadine see more, ndipo ili kale ndi nthambi, mbali yake, nambala ziwiri ndi dzina la pulogalamu. Mawu akuti wolimbikira mulibe, koma wowerenga akuona yekha kulimbikirako. Mawuwa alembedwa ndi "ndine" ndi "ndina-", monga munthu amalankhulira za iye mwini. Ena amadzilemba ngati akunena za munthu wina, kuti "Uyu ndi injiniya waluso amene...", kutengera mmene alendo olemekezeka amawafotokozera pa misonkhano. Pa tsamba limene aliyense akudziwa kuti mwiniwake ndiye walemba, kalembedwe kotere kamamveka ngati munthu akudziimbira yekha m'manja.

Mzere wa Headline uyenera kugwirizana ndi ndime yoyambayo, chifukwa ndi umene umaoneka pansi pa dzina paliponse pamene munthu watulukira pa zofufuza. Kwa mtsikanayu ungakhale wotere:

```
Graduate Civil Engineer | Rural Water Supply | EPANET, AutoCAD, QGIS
```

Ambiri amalemba pamenepa kuti sali pa ntchito kapena kuti akufunafuna mwayi. Kumeneku ndi kutaya malo abwino kwambiri pa tsamba lonse, chifukwa wolemba anthu ntchito safufuza mawu oti wosowa ntchito. Amafufuza dzina la ntchito. Zoti munthu akufuna ntchito zili ndi malo ake, Open to work, pamene angasankhe kuti aone ndi olemba ntchito okha kapena anthu onse.

Mu chitsanzo chija muli ziganizo zitatu zazifupi zimene wongoyamba kumene angafune kuzichotsa poganiza kuti zikumuchepetsa: chakuti pulojekiti siinamangidwe, chakuti ankayang'aniridwa, ndi chakuti Civil 3D akuiphunzira kumene. Ziganizo zimenezi ndi zoyenera kuzisunga, ndipo apa m'pamene mawu odzifotokoza a injiniya amasiyanirana ndi a ntchito zina zambiri. Uinjiniya ndi ntchito imene mawu a munthu amanyamula miyoyo ya ena. Mlatho kapena denga zimaima pa chikhulupiriro chakuti amene anasaina pulani ananena zoona. Choncho mainjiniya akuluakulu amawerenga mneni aliyense mosamala. "Ndinakonza pulani", "ndinathandiza kukonza pulani", "ndinayang'anira" ndi "ndinalipo pamene ankamanga" ndi zinthu zinayi zosiyana. Wophunzira wa pa atachimenti amene walemba kuti anayang'anira kumanga kwa nyumba ya zipinda zisanu ndi zitatu amadziulula yekha, chifukwa aliyense amene anagwirapo ntchito pa malo omangira akudziwa kuti udindo wotere sapatsa wophunzira. Kukokomeza kumodzi kotere kumachititsa kuti zoona zonse za pa tsambalo zikayikiridwe. Chimodzimodzi ndi pulojekiti ya pagulu. Ngati anali anthu anayi, alembe kuti anali anayi, kenako atchule mbali imene inali yake, kaya ndi kuwerengera kukula kwa mapaipi, kaya kujambula mapu. Dziko lathu ndi laling'ono, ndipo mainjiniya ake amadziwana. Amene akuwerenga tsambalo akhoza kukhala mnzake wa m'kalasi wa mphunzitsi amene anayang'anira pulojekitiyo, ndipo foni imodzi ndi yokwana kudziwa zoona.

Nkhani ya dzina la ntchito ndi yolemera kuposa pamenepo, chifukwa imakhudza malamulo. Ku Malawi mainjiniya amalembetsa ku Malawi Engineering Institution, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2019. Digiri yokha siipangitsa munthu kukhala injiniya wovomerezeka kusaina mapulani. Wongomaliza maphunziro amalembetsa pa gawo loyambira, n'kugwira ntchito zaka zingapo pansi pa injiniya wolembetsedwa, asanapemphe kukwera pa gawo la akatswiri. Motero mawu oyenera pa tsamba lake ndi Graduate Engineer, osati Professional Engineer kapena Registered Engineer, ndipo asathamangire kuika Eng. patsogolo pa dzina lake, ngakhale kumudzi ayamba kale kumuitana kuti a injiniya. Ngati walembetsa kale pa gawo loyambiralo, atchule zimenezo m'chiganizo chimodzi, chifukwa zimasonyeza bwana kuti munthuyu ali panjira yodziwika. Ngati sanalembetse, asanene kuti ndi membala. Mayiko ena ali ndi mabungwe awo ndi mayina awo. Ku Zambia kuli Engineering Institution of Zambia. Ku South Africa bungwe la ECSA limalembetsa wongoyamba kumene ngati Candidate Engineer, ndipo dzina la Pr Eng limabwera pambuyo pa zaka zosachepera zitatu za ntchito yoyang'aniridwa. Ku Britain dzina la CEng limatetezedwa ndipo limaperekedwa kudzera ku Engineering Council. Wofuna ntchito kunja alembe digiri yake ndi dzina lake lenileni, osadzipatsa dzina la dziko lina limene sanalembetseko.

Pa manambala pali malire awiri. Oyamba ndi akuti nambala iliyonse ikhale yochokera mu lipoti kapena m'buku, yoti mwiniwake angathe kufotokoza mmene anaipezera. Ena anamva kuti manambala amakopa, ndiye amalemba kuti anachepetsa mtengo wa ntchito ndi maperesenti 30 kapena anawonjezera changu cha gulu ndi maperesenti 40. Akafunsidwa kuti anayeza bwanji, amasowa chonena. Makilomita, mamilimita, malita, makilowati ndi miyezi ndi manambala a injiniya, ndipo savuta kuwaikira kumbuyo. Malire achiwiri ndi chinsinsi cha kampani. Mtengo wa kontilakiti, mapulani a kasitomala, zotsatira za konkire imene inalephera mayeso, ndi zithunzi za mkati mwa fakitale si za wophunzira kuti aziike poyera. Angathe kunena mtundu wa ntchito ndi kukula kwake popanda kutchula mwiniwake, ndipo akafuna kuika chithunzi kapena pulani pa gawo la Featured apemphe kaye chilolezo. Lipoti la pulojekiti yake ya kusukulu ndi chinthu chabwino choika pamenepo, makamaka masamba awiri kapena atatu osonyeza mapu ndi zotsatira, osati buku lonse.

Mndandanda wa mapulogalamu ukhale waufupi. Pulogalamu imene munthu anaitsegula kawiri mu labu ya chaka chachiwiri si luso. Muyeso wake ndi wakuti, atamupatsa kompyuta pa intavyu n'kumuuza kuti ajambule kapena awerengere kanthu kakang'ono, angathe kuyamba popanda kufunsa poyambira. Mapulogalamu atatu otere amaposa khumi ndi awiri ongotchula. Omwewo awaikenso pa gawo la Skills, kuti tsamba lonse lizinena chinthu chimodzi.

Chiganizo chomaliza, chonena ntchito imene munthu akufuna, ambiri amachilemba motakata kwambiri poopa kudzitsekera makomo. Amati ali okonzeka kugwira ntchito iliyonse. Mantha awo ndi omveka, chifukwa ntchito ndi zosowa ndipo kunyumba akudikira. Koma wowerenga sangathe kuthandiza munthu amene sakudziwa chimene akufuna. Injiniya wamkulu akaona kuti mtsikana uja akufuna za madzi a kumidzi ndipo ndi wokonzeka kukakhala ku Chitipa kapena ku Nsanje, amamukumbukira tsiku limene mnzake wamuuza kuti akusowa munthu wa kumunda. Kutchula malo kuli ndi phindu lake, popeza ntchito zambiri zoyambira za uinjiniya zimakhala kutali ndi mizinda, kumene kukumangidwa msewu, damu kapena mizere ya magetsi, ndipo si onse amene amavomera kupitako. Amene ali ndi chilolezo choyendetsa galimoto kapena njinga yamoto atchulenso, chifukwa pa ntchito za kumunda chimawerengedwa. Kutchula mbali ziwiri zoyandikana, monga madzi ndi ulimi wothirira, sikulakwa. Chimene chimasokoneza ndi kutchula zisanu zosagwirizana.

Si onse amene ali ndi pulojekiti yowala kapena atachimenti yabwino. Ena anakhala miyezi yonse ya atachimenti mu ofesi akukopa mapepala, ndipo ena atha zaka ziwiri chimalizireni maphunziro akuphunzitsa masamu pa sekondale kapena akuika masola m'nyumba za anthu. Njira yake ndi yomweyo: kufufuza uinjiniya umene uli m'zimene anachitadi. Amene amaika masola amawerengera katundu wa magetsi wa nyumba, amasankha kukula kwa batire ndi inveta, ndipo angathe kunena kuti waika m'nyumba zingati ndiponso za mphamvu yanji. Amene akuphunzitsa anene poyera kuti akuphunzitsa, kenako asonyeze chimene akuchita kuti luso lisachite dzimbiri, monga kujambula pulani ya ngalande ya pasukulupo. Kubisa zaka zimenezi kumasiya mpata umene wowerenga amaudzaza yekha ndi zoganiza zake. Magiredi amatchulidwa ngati ali abwino kwambiri, ndipo malo ake enieni ndi Education. Mu About chiganizo chimodzi chakwana.

Pali zinthu zimene siziyenera kupezeka pa gawoli n'komwe: nambala ya chiphaso cha unzika, tsiku lobadwa, mudzi ndi mfumu, mpingo, ndi zithunzi za masatifiketi. Pa mafomu ena a ntchito zina mwa izi zimafunsidwa, koma tsamba la pa intaneti limaonedwa ndi aliyense, kuphatikizapo akuba amene amanamizira kulemba anthu ntchito kenako n'kupempha ndalama ya fomu kapena ya mayeso a kuchipatala. Imelo ndi yokwana, ndipo ikhale ya dzina lenileni la munthu, osati dzina la masewera la ku sekondale. Madandaulo onena za kusowa kwa ntchito kapena za kampani imene inamukana alibenso malo pano.

Polemba, ndi bwino kuyamba pa pepala kapena mu pulogalamu yolembera, kenako n'kukopera mu About podina kachizindikiro ka pensulo. Bokosi la About sililola zilembo zakuda kwambiri kapena zopendekera. Ena amakopera zilembo zokongoletsa kuchokera kumalo ena, koma makina ofufuzira nthawi zambiri saziwerenga ngati zilembo wamba, moti dzina la pulogalamu lolembedwa motero likhoza kusapezeka. Ndime zikhale za mizere iwiri kapena itatu, zolekanitsidwa ndi mzere wopanda kanthu, chifukwa pa foni ndime yaitali imaoneka ngati khoma. Akasunga, atsegule tsambalo pa foni ya mnzake kuti aone pamene mawu akudukira, ndipo ngati umboni woyamba wagwera kuseri kwa see more, afupikitse chiganizo choyamba. Mayina a mapulogalamu ndi mayunitsi awaonenso kachiwiri. Injiniya amene walemba KM m'malo mwa km, kapena wasokoneza kW ndi kWh, wapereka chithunzi choipa pa chinthu chimene anzake a ntchito amachiona msanga kuposa galamala.

Woyenera kuwerenga mawuwa asanaikidwe poyera ndi munthu wa ntchito yomweyo, monga mphunzitsi amene anayang'anira pulojekiti kapena injiniya wa kumene wophunzirayo anachitira atachimenti. Funso lomufunsa si lakuti mawuwa akumveka bwino kapena ayi, koma lakuti pali chiganizo chimene iye sangachivomereze atafunsidwa ndi bwana wina. Zimene zili mu About zigwirizanenso ndi sivi pa miyezi, mayina ndi manambala, popeza olemba ntchito amaika ziwirizi pambalipambali.

Ngati tsamba likuthandiza kapena ayi, zimaoneka pa zinthu zingapo. LinkedIn imasonyeza mwini tsamba kuchuluka kwa anthu amene aona tsamba lake ndi kangati kamene watulukira pa zofufuza. Akamatulukira kawirikawiri koma osalandira uthenga, vuto limakhala pa mizere yoyamba, imene sikupereka chifukwa chodinira. Akakhala kuti satulukira n'komwe, mawu ofufuzira akusowa kapena sakugwirizana ndi a m'zotsatsa ntchito. Akamalandira mauthenga a ntchito zosagwirizana ndi maphunziro ake, monga zogulitsa malonda, ndiye kuti mawu ake ndi otakata moti sakusonyeza nthambi. Manambala amenewa amakhala ochepa kwa munthu amene walumikizana ndi anthu owerengeka, choncho amafunika kuwayang'ana pa miyezi iwiri kapena itatu, osati pa sabata imodzi.

Mawuwa amasintha pamene ntchito ikusintha. Mtsikana wa m'chitsanzo chija akapeza ntchito, pakatha miyezi isanu ndi umodzi ndime ya atachimenti imachoka, ndipo m'malo mwake mumalowa zimene akuchita pa ntchitoyo. Pulojekiti ya kusukulu imakhalabe mpaka atakhala ndi dongosolo la madzi limene linamangidwadi, kenako imasamukira ku gawo la Projects. Chiganizo chofuna ntchito chimachotsedwa tsiku limene wasaina kalata, ndipo mawu akuti Graduate amachoka pa Headline pokhapokha bungwe lolembetsa mainjiniya litamukweza pa gawo lotsatira.